Mayankho anayi, funso lili kuti?

Zimanyansa kulandira uthenga wotere: A) 12, B) 14, C) 48, D) 7, kenako "ndithandizeni, yolondola ndi iti?" Yolondola pa chiyani?

Manambala anayi amenewa onse akhoza kukhala oona. Ngati funso likukamba za rekitango ya masentimita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, kukula kwa malo ake ndi 12, koma kuzungulira kwake ndi 14. Kuphatikiza mbali ziwirizo kukupatsani 7. Wolemba mayeso amaika dala mayankho olakwika ochokera pa zolakwa zomwe ophunzira amachita kawirikawiri, ndiye onse amaoneka ngati abwino. Choipa kwambiri ndi funso lokhala ndi mawu oti "kupatula" kapena "si": yankho limatembenukiratu.

Nthawi zambiri vuto limayamba pokopera. Funso limakhala chithunzi, mayankho okha ndiwo zilembo, choncho pomata funsolo limatsalira. Werengani zomwe mwamata musanatumize! Ngati funso lasowa, jambulani sikirini yonse. Ndiponso musamangoti "ndi B eti?", chifukwa mapulogalamu ena amasakaniza mayankho, B wanu kwa mnzanu ndi D.