Kukukuta, kubwira ndi kutsopa: mmene timalembera za chakudya ku Tete ndi ku Malawi

Pa msika wa Lizulu, pomwe msewu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambiki, munthu wa ku Angonia ndi wa ku Ntcheu amayankhula zofanana akamadya. Kusiyana kumayamba akagwira cholembera. Wa ku Malawi anazolowera kuwerenga Chichewa m'mabuku ndi m'nyuzipepala kuyambira pamene chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Ife a ku Ulongwe, Tsangano ndi Furankungo tinaphunzira kulemba m'Chipwitikizi, ndipo tikamalemba za chakudya m'Chinyanja timangotsala ndi mawu awiri: kudya ndi kumwa. Chonsecho pakamwa pathu mawu ena alipo ambirimbiri.

Lamulo lake n'losavuta. Mneni amasankhidwa ndi chakudyacho, kuuma kapena kufewa kwake, ndiponso chiwalo chimene chikugwira ntchito: mano, lilime, milomo kapena mmero. Chimanga chokazinga timakukuta, chifukwa n'chouma ndipo chimamveka m'mano. Nzimbe timatafuna, n'kumeza madzi, n'kulavula zotsala. Shuga kapena ufa wa malambe timabwira, ndiko kuponya m'kamwa kuchokera m'dzanja, mano osagwira ntchito kwenikweni. Uchi wotsala pa chala timanyambita. Mukalemba kuti mwana akukukuta nthochi yakupsa, wowerenga aona nthochi yaiwisi kapena youma, ndipo mwamunamiza osadziwa.

Tiyeni titenge chiganizo chimene chimapezeka kawirikawiri kuno: "Anadya nsima ndi kapenta, anadya msuzi, kenako anamwa madzi." Palibe cholakwika m'malamulo a chiyankhulo, koma mbale siikuoneka. Nsima ili ndi masitepe ake. Munthu amatema mbamu, kuiumba m'dzanja, kusunsa mu msuzi, ndiye kumeza. Kapenta wa ku Kahora Basa akakazingidwa mpaka kuuma amakukutidwa, koma akaphikidwa ndi matimati n'kufewa amangotafunidwa. Msuzi wotsala m'mbale amaukombeza ndi mbamu yomaliza. Chiganizo chija chikhoza kukhala chotere: "Anatema mbamu, nasunsa mu msuzi wa matimati, kapenta wokazinga akukukutika m'mano, mpaka anakombeza mbale." Aneni atatu kapena anayi otere akukwana ndime yonse. Mukawonjezera, nkhani imasanduka chionetsero cha mawu ndipo njala ya wowerenga imatha.

Pa zakumwa m'pamene mbali ziwirizi zimasiyana kwambiri. Chipwitikizi chili ndi mneni mmodzi, tomari, amene amagwira ntchito pa tiyi, pa mankhwala ndi pa chakudya cha m'mawa. Ndiye mumapeza wolemba wa kuno akuti "kutenga tiyi" kapena "kutenga matabishu". M'Chichewa kutenga tiyi ndi kunyamula kapu n'kuchoka nayo. Tiyi timamwa, ndipo akakhala wotentha timatsopa pang'onopang'ono ndi milomo. Thobwa la munthu wochokera kumunda amagugudiza, mmero ukumveka. Kupapira nakonso ndi kumwa kwambiri, koma kuli ndi chitonzo, kumanenedwa za munthu wosadziletsa pa mowa. Musalembe kuti apongozi anapapira thobwa pa chinkhoswe ngati simukufuna mlandu.

Mawu akuti matabishu ine sindikuwakana. Ndi athu, ndipo wowerenga wa ku Mowatize amawamva msanga kuposa kadzutsa. N'chimodzimodzi karili, amene kuno amatanthauza ndiwo iliyonse, ngakhale ya masamba. Dzina la chakudya likhoza kubwerekedwa popanda kuwononga kanthu. Mneni ndiye woyenera kumuteteza, pakuti ndi amene amaonetsa mmene pakamwa pakuchitira. Ngati nkhani yanu ikawerengedwanso ku Dedza kapena ku Chipata, tchulani matabishu ndi kadzutsa limodzi koyamba, kenako pitirizani ndi amodzi.

A ku Malawi nawo ali ndi vuto lawo, ndipo tisamangowatengera zonse. Olemba ambiri kumeneko amakonda mawu a mphamvu monga kukhwasula, kuphwasula ndi kukwapula nsima, mpaka mbale iliyonse imaoneka ngati yadyedwa ndi munthu amene wagona ndi njala. Kukhwasula kumayenera nyama yootcha kapena tchipisi cha mbatatesi za ku Tsangano chodyera pa chiwaya, anthu ali chiimire. Phala la wodwala silikhwasulidwa, amamwa pang'onopang'ono kapena amangolawa. Akuluakulu pa mwambo, monga pa maliro kapena pa ukwati, timalemba kuti alandira chakudya kapena adya, basi.

Za kalembedwe, mabuku a sukulu a ku Mozambiki ndi a ku Zambia amalemba cakudya pomwe a ku Malawi amalemba chakudya. Zimenezi sizisintha tanthauzo la mneni aliyense, bola musasakanize ziwirizi m'nkhani imodzi.