Nkhope ya mwini si dongo loti muziumba momwe mwafunira

Anyamata ndi atsikana inu ojambula zithunzi, ndi inu nonse amene mumakonza zithunzi za anzanu pa foni, khalani pansi ndikutsineni khutu. Ine ndinayamba kugwira kamera nthawi ya filimu, pamene munthu ankadikira sabata yathunthu kuti aone chithunzi chake, ndiye musandiyese wodana ndi zamakono. Kompyuta ndimaigwiritsa ntchito ndithu. Chimene chandinyansa ndi mwano umene mwayamba, wosintha nkhope ndi matupi a anthu osawafunsa.

Miyezi yapitayi mwana wa achemwali anga anamanga ukwati. Wojambula anali mnyamata waulemu, wa zipangizo zabwino kuposa zimene ine ndinagwirapo moyo wanga wonse. Patapita masabata awiri zithunzi zinagwa pa gulu la WhatsApp la banja. Anthu anayamba kuyamikira, koma achemwali anga, amene ndi make mkwatibwi, anangoti zii. Madzulo anandiimbira foni n'kundifunsa kuti, "Achimwene, mayi waima pambali pa mwana wangayu ndi ndani?"

Nditachikulitsa chithunzicho ndinaona zimene mnyamatayo anachita. Achemwali ali ndi mphini ziwiri m'masaya, zimene anawatema agogo athu ali mtsikana. Zinali zitafufutidwa. Mpata wa pakati pa mano awo akutsogolo, umene malemu alamu anga ankati ndi umene unawakopa, unali utatsekedwa. Khungu lawo lakuda bii linali litayera ngati la munthu wodzola mankhwala, mphuno itaphwanyidwa m'mbali kuti ioneke yosongoka, ndipo m'chiuno anali atawadya ndithu. Mayi wa zaka zoposa 60, wobereka ana asanu ndi mmodzi, anasandutsidwa munthu amene adzukulu ake sangamuloze.

Nditamufunsa mnyamatayo, yankho lake linali loti mkwatibwi anamuuza kuti aliyense aoneke bwino. Apa ndi pamene ambiri a inu mumasocherera. Wolipira ndalama wagula ntchito yanu, sanagule nkhope za anthu onse amene ali pachithunzipo. Mkwatibwi angathe kulamula za nkhope yake. Za nkhope ya mayi ake, ya apongozi ake, ya operekeza ake, alibe nazo mphamvu, ndipo inu mulibenso. Ndipo mawu oti "aoneke bwino" inu munawamva kuti "aoneke woyera ndi woonda". Ndani anakuphunzitsani kuti kukongola ndi kumeneko?

Musaganize kuti ntchito yotereyi imabisika. Mu Photoshop chida chimene mumakankhira nacho thupi ndi Liquify, ndipo chimene chimachita n'kukoka chithunzi ngati mphira. Sichidziwa kuti apa pathera munthu, apa payambira khoma. Mukakankha chiuno kuti chilowe mkati, zonse zoyandikana nacho zimatsatira. Pachithunzi cha achemwali, mizere ya njerwa za tchalitchi kumbuyo kwawo inapindika molunjika pachiuno pomwepo, felemu ya chitseko inakhota ngati uta, ndipo maluwa a chitenje chawo, amene ndi ozungulira, anasanduka ngati mazira mbali imodzi yokha. Chitenje ndi mboni yosanama. Amayi amene anasoketsa nsalu yofanana pa ukwatiwo anangoyerekeza ndi yawo n'kuyamba kunong'onezana.

Kunkhope nakonso n'chimodzimodzi. Kuyambira mu 2016 Liquify ili ndi mbali yotchedwa Face-Aware Liquify, imene imazindikira yokha maso, mphuno, pakamwa ndi chibwano. Mumangokoka kanthu kolembedwa Nose Width kapena Jawline, mphuno n'kuchepa, nsagwada n'kusongoka, m'kanthawi kochepa kuposa kumwa kapu ya madzi. Kuphweka kumeneku ndi kumene kwakuonongani. Kale kuti munthu afufute kachipsera kamodzi ankakhala ndi kaburashi ndi utoto kwa nthawi yaitali, ndipo m'nthawi imeneyo ankadzifunsa ngati n'koyenera. Inu simupeza mpata wodzifunsa, chala chimathamanga kuposa mutu.

Nkhani ya khungu ndiikhalirepo pang'ono, chifukwa pali chodzikhululukira chimene ndimachimva kawirikawiri: "Chithunzi chinada, ndimangochiwalitsa." Zoona, vuto limeneli lilipo. Kamera ikaona diresi loyera la mkwatibwi padzuwa la masana imaganiza kuti kuwala kwachuluka, ndiye imachepetsa, ndipo nkhope zakuda zimamira mumdima mpaka maso osaoneka. Kukonza zimenezo ndi ntchito yanu, simufunika chilolezo cha munthu. Koma pali kusiyana pakati pa kubwezeretsa kuwala kumene kamera inaba ndi kusintha mtundu wa munthu. Mukakonza kuwala moyenera, nkhope, khosi, makutu ndi manja zimakwera limodzi, ndipo munthu amaoneka monga momwe maso anu anamuonera tsikulo. Mukayeretsa khungu, mumasankha nkhope yokha n'kuipaka. Chizindikiro chake n'chosavuta: nkhope yoyera, khosi lakuda, mawondo a zala akuda, ndi kamzere m'mbali mwa tsitsi ngati munthu wavala chigoba. Khungu lenileni lili ndi timabowo ndi timizere. Lanu limasalala ngati chidole cha m'sitolo ya zovala. Muyeso wake ndi uwu: ikani foni pambali pa nkhope ya munthuyo. Ngati wa pachithunzi ali woyera kuposa wamoyo, mwanama.

Musati izi ndi madandaulo a nkhalamba za kumudzi. Mu 2017 magazini ya Grazia ya ku Britain inaika pachikuto chithunzi cha Lupita Nyong'o, katswiri wa mafilimu amene anakulira ku Kenya, atamuchotsa tsitsi lake lachilengedwe limene linamangidwa kumbuyo, lotsalalo n'kulisalaza. Iye anadandaula poyera kuti sanafunsidwe, ndipo wojambulayo anapepesa. M'chaka chomwecho dziko la France linayamba kukakamiza otsatsa malonda kulemba pachithunzi kuti chakonzedwa, ngati thupi la munthu lachepetsedwa kapena kukulitsidwa. Ngati munthu amene ntchito yake ndi kujambulidwa anawawidwa mtima chotere, nanga mayi amene mwina chithunzi chake chabwino m'moyo wonse n'chimodzi chomwecho?

Tsono malire ali pati? Ojambula akale tili ndi kalamulo kathu: chimene chidzachoke chokha m'masabata awiri mungathe kuchichotsa, chimene chidzakhalepo muchisiye. Chiphuphu chimene chatuluka m'mawa wa ukwati, thukuta lonyezimira pamphumi, utoto wa milomo umene wapaka dzino, kaulusi pa jekete, ntchentche imene yatera paphewa: chotsani, palibe adzakufunseni. Koma mphini, chipsera, kadontho kobadwa nako, imvi, makwinya, mpata wa mano, kukula kwa mphuno, mimba, mbina, mtundu wa khungu, zimenezo ndi munthuyo. Simuzikhudza pokhapokha mwini wake atapempha ndi pakamwa pake.

Kafunsidwe kake nakonso kamafuna nzeru, chifukwa funso lokha lingathe kukhala chipongwe. Ndinamvapo wojambula wina akufunsa mayi pagulu kuti, "Ndikuchepetseni mimbayi?" Mayi uja sanadziwe n'komwe kuti mimba yake ndi nkhani kufikira nthawi imeneyo. Musatchule chiwalo. Mutengereni munthu pambali, mumuonetse chithunzi chake monga chatulukira, ndipo munene kuti, "Amayi, ndikonza kuwala kokha. Pali china chimene mukufuna ndisinthe, kapena ndichisiye momwemu?" Akati musiye, nkhani yatha. Akatchula yekha chipsera chimene chimamukumbutsa ngozi, chitani chokhacho, osawonjezera mphuno ya basela. Mukamaliza muonetseni ziwiri zonse moyandikana, chakale ndi chokonzacho, musanatumize kwa wina aliyense. Chithunzi chikalowa pagulu chapita. Mungathe kudina Delete for everyone, koma amene anachisunga kale kapena kuchitumiza kwina simungawalande.

Ndipo sungani choyamba chija. Apa ndi pamene mnyamata wathu anatipweteka kawiri. Nditamupempha chithunzi chosakhudzidwa, anati anakonzera pomwepo n'kusunga pamwamba pake, khadi la kamera analifufuta kale chifukwa cha ukwati wina. Kusasamala kotani kumeneku? Zimangofunika kugwirira ntchito pa kope, kapena kudina Convert to Smart Object musanatsegule Liquify kuti zonse mwachita zithe kubwezedwa. Nkhope imene mwaikoka n'kuisunga ngati JPEG pamwamba pa yoyamba sibwereranso. Mphini zimene mwafufuta mungathe kuzijambulanso ndi dzanja, koma zidzakhala zanu, osati za agogo athu.

Inu a pa foni musadzione ngati mwapulumuka. Mumajambula ndi anzanu anayi, n'kutsegula Facetune kapena zosalazira nkhope zimene zimabwera ndi kamera ya foniyo, ndipo zambiri mwa izo zimagwira nkhope iliyonse imene zaipeza. Mumafuna kudzikonza nokha, koma mwayeretsa ndi kukulitsa maso a gulu lonse. Choipitsitsa ndi chija mumachitcha nthabwala: kutupitsa milomo ya mnzanu, kumukulitsa mabere kapena matako, kuika mutu wake pathupi la wina. Oseka amaseka tsiku limodzi, koma chithunzi chimakafika kwa mwamuna wake, kwa abwana ake, kwa akulu a mpingo, amene sanamve kuti inali nthabwala. Pa ana ndiye musayerekeze n'komwe. Mtsikana wa zaka 12 akaona kuti azakhali ake amuchepetsa masaya ndi kumuyeretsa asanamuike pa Facebook, wamva kale uthenga wake ngakhale palibe walankhula.

Palinso amene sangathe kufunsidwa. Zithunzi za pa mapepala a mwambo wa maliro masiku ano zikudutsa m'manja omwewa, usiku, mwachangu. Ndakhalapo pa siwa anthu akupatsirana pepala n'kumafunsana ngati osindikiza sanasokoneze chithunzi. Kuchotsa anthu ena kumbuyo, kuwongola chithunzi chakale chong'ambika, zimenezo n'zothandiza. Koma malemu asiyireni imvi zawo ndi makwinya awo, ndipo mwini maliro aone kaye musanasindikize mapepala 200.

Za achemwali zinatha motere. Mdzukulu wina anali atawajambula ndi foni yake yotchipa panja pa tchalitchi, chithunzi chopendekeka pang'ono, dzuwa likuwawomba m'maso. Mphini zilipo, mpata wa mano ulipo. Chimenecho ndi chimene ndinakatsukitsa n'kuchiika m'felemu, ndipo chili pakhoma pabalaza pawo. Chimbale cha zithunzi chimene analipira ndalama zambiri chija chili pansi pa sutikesi, ndipo alendo akachifunsa amati makiyi anasowa.