Chenjezo: mutu wanu si makina oyezera bipi

Ana anga ndi abale anga, pali khalidwe lomwe lafala pakati pathu ndipo likutitha. Munthu anamuuza kuchipatala kuti ali ndi bipi, anapatsidwa mankhwala, wamwa mwezi umodzi, kenako waponya kapepala ka mapiritsi pansi pa sutikesi. Mukamufunsa akuti, "Ine ndikumva bwinobwino, ikakwera ndimadziwa, mutu umandiwawa kunkhongoku." Anakuuzani ndani kuti bipi imagogoda pakhomo isanalowe? Takhala pamaliro angati tikumva anthu akunong'onezana kuti malemuwa sanadwale n'komwe, angogwa kubafa? Kudwala anali akudwala, kwa zaka ndithu, kungoti matendawa samveka m'thupi.

Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo mothandizana ndi bungwe la zaumoyo la padziko lonse unayeza anthu a zaka za pakati pa 25 ndi 64 m'dziko muno. Munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anapezeka ndi bipi yokwera, ndipo mwa anthu amenewo, oposa 9 mwa 10 sankadziwa. Anali kulima, kuyendetsa maminibasi, kuphunzitsa ana, kuyimba kwaya, osamva kalikonse. Tsono inu amene mukuti thupi lanu lidzakuuzani, mukusiyana nawo pati?

Chifukwa chake chilipo, ndipo mvetserani. Bipi ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha mtima ukamapopa. Mphamvuyi siikwera tsiku limodzi. Imakwera pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ndipo thupi limangozolowera. M'mitsempha ikuluikulu ya m'khosi ndi pafupi ndi mtima muli timalo tomwe timamva kukankha kwa magazi n'kuuza ubongo. Bipi ikakhala yokwera kwa nthawi, timalo timeneti timayamba kuiona ngati ndiyo yoyenera, n'kusiya kuchenjeza. Timitsempha ta muubongo nato timafinyika kuti magazi olowamo asachuluke, ndiye simumva chizungulire ngakhale mutu. Mtima, poona kuti ntchito yakula, mnofu wake umakhuthala, ndipo umapitiriza kupopa osadandaula mpaka tsiku lomwe wauma n'kutopa. Impso zimatha kuwonongeka kwambiri munthu akukodza bwinobwino. Zili ngati chiswe m'phaso la nyumba: kunja mtengo ukuoneka wolimba, mkati mwatsala fumbi, ndipo mwini nyumba amadziwira tsiku lomwe denga lagwa. Kwa anthu ambiri chizindikiro choyamba cha bipi ndi sitiroko yeniyeniyo, mkono ndi mwendo zafa, pakamwa papotoka.

Nanga mutu uja mumaudalirawu? Mutu umawawa chifukwa cha zambiri: kusagona, dzuwa, njala, malungo, maganizo a fizi ya ana. Ululu ndi nkhawa pazokha zimakweza bipi kwa kanthawi, ndiye mukayeza mutu ukuwawa n'kupeza manambala okwera mumati mwaigwira. Koma masiku onse amene mutu unali phee simunayeze, ndipo mwina inali yokwera chimodzimodzi. Bipi imene yafika pomveka m'thupi nthawi zambiri imakhala yafika poopsa.

Ena mwachita bwino, mwagula makina kufamase, ena ana anu akutumizirani kuchokera ku Joni. Koma mmene mukuwagwiritsira ntchito, ndithu, zikundimvetsa chisoni. Mayi wangotula ndowa yamadzi, akupuma wefuwefu, wakhala pamphasa miyendo atatambalala, wamanga lamba wa makinawo pamkono pamwamba pa juzi, uku akukalipira mdzukulu. Makina alemba 168. Basi nyumba yonse yasokonezeka, wina akuti amwe mapiritsi awiri, wina wathamangira adyo. Bambo naye amayeza kamodzi pamwezi, tsiku lomwe wagona bwino, wapeza nambala yomusangalatsa, n'kulengeza kuti wachira. Onsewa akudzinamiza, ndipo makina alibe mlandu.

Kayezedwe koyenera kamayamba musanagwire makinawo. Kwa mphindi 30 musamwe tiyi kapena khofi, musasute fodya, musagwire ntchito yolemetsa. Pitani kaye mukataye madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza manambala. Kenako khalani pampando wokhala ndi chotsamira, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, miyendo yosapingasa. Khalani chomwecho mphindi 5 zathunthu. Ndikudziwa kuti kwa mayi wapakhomo mphindi 5 zongokhala zimaoneka ngati ulesi, koma ndi pamenepa pomwe ambiri mumalakwitsa. Foni ikhale patali.

Mkono ukhale wopanda chovala. Ngati malaya ndi othina, vulani dzanja limenelo, osakwinyira m'mwamba mpaka kufinya mkono. Lamba amangidwe kumtunda kwa chigongono, m'mphepete mwake mutalikirane ndi popindikira mkono ngati zala ziwiri, kapayipi kake katsikire mkati mwa mkono kulunjika kuchikhatho. Asathine kwambiri, asakhwepenso: zala ziwiri zizitha kulowa pansi pake. Ndiye ikani mkonowo patebulo kuti lambayo afanane msinkhu ndi mtima, pakati pa chifuwa. Tebulo likakhala lalifupi, ikani pilo. Mkono wolendewera m'mbali umakweza manambala, wokwezedwa kuposa mtima umawatsitsa. Mukadina batani musayankhule, musaseke, musayankhe moni wa wodutsa, mpaka makina atamaliza.

Nkhani ya lamba ndiimepo pang'ono, chifukwa ogulitsa ambiri sakuuzani. Lamba amene amabwera ndi makina ambiri ndi wa mkono wozungulira masentimita 22 mpaka 32, ndipo manambalawa amalembedwa palamba pomwepo. Tengani tepi ya telala muyeze mkono wanu pakatikati pa phewa ndi chigongono. Ngati wapitirira 32, mukufunika lamba wamkulu. Lamba wamng'ono pamkono waukulu amanama mokweza, ndipo alipo anthu amene amakhala ndi mantha kapena kuwonjezeredwa mankhwala chifukwa cha lamba chabe. Wamkulu kwambiri pamkono wowonda amanama motsitsa. Timakina tomanga pamfundo ya dzanja ngati wotchi timasokonezeka msanga dzanja likangosuntha, choncho ngati mukugula, gulani omanga kumtunda kwa mkono. Ndipo tsiku lina mukamapita kuchipatala, anyamuleni makina anuwo, anamwino ayeze ndi awo ndi anu nthawi imodzi muone ngati akugwirizana.

Pagalasi la makina mumaona manambala atatu. Yapamwamba, yolembedwa SYS, ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya. Yachiwiri, DIA, ndi pamene mtima wapumira pakati pa kugunda. Yachitatu, imene imalembedwa PUL kapena PULSE, ndi kuchuluka kwa kugunda kwa mtima pamphindi, si bipi ayi, ngakhale ndamvapo anthu akuiwerenga ngati bipi. Tsiku loyamba yezani mikono yonse iwiri, ndipo umene wapereka manambala okwererapo ndiwo muziyeza masiku onse.

Tsopano chachikulu pa zonse: kuyeza kamodzi sikuuza munthu chilichonse. Bipi imasinthasintha tsiku lonse. Chofunika ndi sabata yathunthu. M'mawa mukadzuka, musanadye ndiponso musanamwe mankhwala, yezani kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi. Madzulo musanagone chitaninso chimodzimodzi. Lembani zonse m'kope, tsiku, nthawi ndi manambala, zokoma ndi zoipa zomwe. Osayeza kasanu n'kusankha yotsika kuti mukasangalatse adokotala, mukunamiza ndani? Masiku 7 akatha, za tsiku loyamba zisiyeni, chifukwa tsiku limenelo munthu amakhala ndi mantha ndi makina. Zotsalazo muziphatikize n'kugawa kuti mupeze nambala yapakati.

Tiyerekeze bambo wa zaka 52 amene anasiya mankhwala poti akumva bwino. Wayeza sabata yonse moyenera, ndipo tsiku lililonse wapeza nambala yapakati ya miyezo yake inayi. Kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachisanu ndi chiwiri, zapamwamba zatuluka 146, 150, 144, 148, 152 ndi 148. Kuphatikiza zikukwana 888, kugawa ndi 6 ikutuluka 148. Zam'munsi ndi 92, 94, 90, 91, 95 ndi 90, pamodzi 552, kugawa ndi 6 ikutuluka 92. Bipi yake yapakhomo ndi 148/92. Kuchipatala malire ndi 140/90, koma pakhomo, poti munthu amakhala womasuka, malire ndi 135/85, ndipo nambala imodzi yokha ikafika kapena kupitirira malire ake, bipi ndi yokwera. Bamboyu wapitirira zonse ziwiri. Sabata yonseyo mutu sunamuwawe, anapalasa njinga, anadya nsima yake bwinobwino. Choti achite n'kunyamula kopelo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, akaonane ndi adokotala masiku omwewo, anene chilungamo kuti mankhwala anasiya. Asayambirenso yekha mapiritsi akale a musutikesi, asabwerekenso a mkazi wake.

Kopelo limathandizanso mbali inayo. Alipo anthu amene akangoona yunifolomu yoyera bipi imakwera, koma kunyumba ili bwino. Aliponso amene kuchipatala imaoneka yabwino koma kunyumba ndi yokwera. Adokotala sangazidziwe zimenezi popanda manambala anu apakhomo. Ndipo inu amene muli pamankhwala, mukapeza 126/78 musati mwachira. Manambalawo ali choncho chifukwa cha mankhwalawo, mukasiya ikweranso mwakachetechete monga kale. Muwauzenso adokotala ngati mumamwa kawirikawiri mapiritsi a ululu monga bulufeni ndi indosidi, chifukwa amakweza bipi ndipo amavutitsa impso. Makina akamalemba Err kapena E mobwerezabwereza, onani mabatire, kamangidwe ka lamba ndi kapayipi. Akamaonetsa kachizindikiro koti mtima ukugunda modumphadumpha, manambala ake musawakhulupirire kwambiri, pitani akakupimeni.

Pali nthawi imene simuyenera kudikira sabata. Makina akalemba 180 pamwamba kapena 120 m'munsi, khalani phee mphindi 5 muyezenso. Ikakhala pomwepo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukumva bwino. Koma ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi, kulephera kuyankhula, pakamwa kupotoka, kapena dzanzi ndi kufooka mbali imodzi ya thupi, musayezenso n'komwe, musadikire kuti kuche, pezani galimoto nthawi yomweyo. Musamumwetse munthuyo mapiritsi owonjezera kuti itsike msanga, chifukwa kuigwetsa mwadzidzidzi kungachepetse magazi opita kuubongo. Kwa mayi woyembekezera malire ndi ena: akangopeza 140/90, apite kusikelo kapena kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati mutu ukuwawa, nkhope yatupa kapena akuona zinthu zothwanima m'maso.

Amene mulibe makina, musati chenjezoli silikukukhudzani. M'zipatala za boma amayeza bipi kwaulere. Mukapita ndi mwana wodwala kapena kukaona m'bale, pemphani anamwino akuyezeni, ndipo manambalawo akulembereni m'buku lanu kuti ulendo wina pakhale poyerekezera.