Chenjezo: lekani kudina chidinedine pa foni imene simukumva chilankhulo chake

Ana anga, ndi inu akuluakulu anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, khalidwe limene ndikuliona pa mafoni landitopetsa. Munthu wagula foni yochokera ku Mozambiki, kaya pa Marka kaya pamsika wa Bangula, zonse m'katimo zili m'Chipwitikizi. M'malo mofunsa, akukhala pansi pa mtengo n'kumadina chilichonse chimene chala chagwerapo, ati mwina Chingelezi chitulukira chokha. Wina angoilanda, "bweretsani kuno agogo, ine ndimazitha," chonsecho nayenso sakumva ngakhale liwu limodzi. Pofika madzulo manambala apita, zithunzi zapita. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023, ambiri kuno tinayamba kujambula ziphaso, malisiti a thonje ndi makaundula a banki m'khonde n'kusunga m'foni poopa madzi. Ndiye zimene madzi sanatenge muzitaye ndi chala chanu chomwe?

Msampha uli apa. Pa mafoni ambiri a Android, malo osinthira chilankhulo ndi malo ofufutira zonse ali m'chipinda chimodzi. Wofunafuna Chingelezi amadutsa pakhomo penipeni pa ngoziyo.

Titenge Samsung ya Chipwitikizi imene mayi wina waigwiritsa ntchito miyezi ingapo, ndipo lero mwana wawo akufuna kuitembenuza. Adina kachizindikiro kooneka ngati giya ya njinga, kolembedwa Definições. Atsika mpaka pa Gestão geral. Pamenepo pamwamba pali Idioma, ndipo ndicho akufuna. Akadina, asankhe Adicionar idioma, ndipo pamndandanda umene utuluke chilankhulo chilichonse chimalembedwa m'dzina lake lomwe, choncho English aiona yolembedwa English. Aisankhe, n'kuvomera kuti ikhale chilankhulo chachikulu cha foniyo, ntchito yatha. Ngakhale ataphonya n'kusankha Chifalansa, palibe chimene chatayika, abwereranso njira yomweyo.

Koma m'munsi mwa tsamba lomwelo muli liwu lalifupi, Repor. Mnyamata wopupuluma amati limeneli ndiye libwezeretsa foni ku Chingelezi. Akalowa apeza mizere yofananafanana. Repor definições de rede imangoiwalitsa foni mapasiwedi a Wi-Fi ndi zipangizo za Bluetooth zimene inalumikizana nazo, zithunzi siikhudza. Koma Repor dados de fábrica, imene pa Chingelezi imalembedwa Factory data reset, imasesa zonse za m'kati mwa foni n'kuisiya mmene inatulukira ku fakitale. Palibe batani lobwezera. Mukaona fábrica paliponse, chotsani chala. Chimodzimodzi Apagar, Eliminar ndi Formatar: onsewa ndi mawu ofufuta. Musasokonezenso Repor ndi Reiniciar. Reiniciar ndi kungozimitsa n'kuyatsanso, kulibe vuto.

Mwina mukuti, nanga ngati foni ili m'Chitchaina kapena Chiarabu, pamene sinditha n'kuzindikira chilembo? Pamenepo yang'anani khalidwe la foniyo. Zinthu zopanda ngozi zimachitika msanga ndipo mumaziona ndi maso: mwadina, kuwala kwachepa, kapena kabatani kasuntha, mwadinanso kabwerera. Chinthu chowononga sichichita choncho. Foni imayamba yazengereza. Imakuonetsani tsamba lalitali la mawu, pansi pake mndandanda wa maakaunti anu, ndipo mumazindikira imelo yanu kapena kachizindikiro kobiriwira ka WhatsApp. Foniyo ikukuwerengerani katundu amene atayike. Mukapitirira, ikufunsani pini kapena patani yanu yotsegulira, chonsecho muli kale m'kati. Dzifunseni kuti ikufuniranji pini kachiwiri. Kusintha chilankhulo sikufuna pini. Kenako pamabwera batani limodzi lalikulu, pa Samsung ija lolembedwa Apagar tudo. Inde, zilipo zinthu zina zabwinobwino zimene zimafunanso pini, monga kusintha loko, koma pa foni imene simukuiwerenga musachite juga. Dinani chobwerera m'mbuyo, kapena Cancelar, kapena tulukani kupita patsamba loyamba. Musanadine batani lomaliza lija, palibe chimene chafufutika.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti mwini foni ndiye amapereka pini ndi pakamwa pake. "Amayi, pini yanu ndi chani?" Mayi n'kutchula, osafunsa kuti ya chiyani. Safunsa anadya phula.

Pali malo ena amene ambiri amagwerako osafuna. Foni yazima ili m'thumba lothina, muli pa kabaza kuchokera ku Nchalo, batani loyatsira ndi lokwezera mawu apanikizika limodzi. Mukaitulutsa mupeza sikirini yakuda ndi timizere ta mawu ting'onoting'ono. Foni sinafe. Pamenepo nthawi zambiri chala pa galasi sichigwira ntchito: mabatani a mawu ndiwo amasuntha mzere, ndipo batani loyatsira ndilo limavomereza. Apa ndi pamene anthu amalakwira, chifukwa amapanikiza mabatani onse mwamantha, mzere n'kutsikira pa Wipe data/factory reset, iwo n'kuvomereza. Mzere wabwino ndi Reboot system now, ndipo kawirikawiri ndi umene umakhala utasankhidwa kale pamwamba. Mafoni ena otsika mtengo amatulutsa mndandanda wa Chitchaina chokhachokha, koma mzere umodzi uli ndi zilembo zathu zoti eMMC. Umenewo ndi wofufuta nkhokwe ya foni, musaukhudze. Ngati mukukayika, gwirani batani loyatsira osalisiya mpaka foni izime n'kuyambanso. Pa Samsung mumagwira loyatsira ndi lotsitsira mawu pamodzi. Ngati ndi foni yotsegula kumbuyo, chotsani batire.

Kufufutira foni pa sikirini yakudayo kuli ndi vuto lachiwiri. Kuyambira pa Android 5.1, foni yofufutidwa motero ikayaka imafuna akaunti ya Google imene inalimo kale ndi pasiwedi yake. Analikonza dala kuti wakuba asapindule. Tsono ambiri a ife akaunti anatitsegulira ndi mnyamata wa pa shopu, pasiwedi sitiidziwa, kapena ndi ya mwini wake wakale wa ku Tete amene simudzamuonanso. Foni imangoima pamenepo, ndipo ndalama zina zituluka kupita kwa okonza.

Kuti mitima ikhaleko pansi: ndalama za Mpamba kapena Airtel Money sizikhala m'foni, zili pa nambala yanu, ndipo kufufuta sikuzidya. Manambala osungidwa pa simu khadi kapena mu akaunti ya Google amapulumuka. Zimene zimapita ndi manambala osungidwa m'foni momwemo, mameseji, zithunzi za m'kati, ndi zokambirana za pa WhatsApp ngati sizinasungidwe ku Google Drive. Memore khadi nthawi zambiri siikhudzidwa, koma mafoni ena ali ndi kabokosi kochonga koti nayonso ifufutidwe, ndipo inu simungakawerenge.

Choncho musanapereke foni kwa aliyense woti "aione", izimitseni, mutulutse memore khadi, muisunge m'thumba mwanu. Ikakuonetsani tsamba limene simukulimva, bwerekani foni ina mujambule tsambalo, mutumize kwa wodziwa. Kuno kumalire sitisowa munthu wowerenga Chipwitikizi: alipo amene anaphunzira sukulu tsidya linalo, alipo amalonda amene amawoloka kawirikawiri. Akuwerengereni mzere uliwonse mokweza, ndipo pini mulembe nokha ndi dzanja lanu mutamva chimene foniyo ikufuna kuchita.