Ndinangofunsa nambala ya kampani, akuti ndine wansanje

Lachiwiri usiku, nditangoweruka ku ntchito yosamalira okalamba imene ndakhala ndikugwira kuno ku Mangalande kuyambira 2022, ndinaimbira foni bambo wina amene walonjeza mng'ono wanga ntchito ngati yanga yomweyi. Sindinamunyoze ndipo sindinamukwezere mawu. Ndinangopempha zinthu ziwiri, nambala imene kampani yake inalembetsera ku boma, ndi dzina la amene adzalembe mng'ono wangayo ntchito monga mmene lilili pa mndandanda wa olemba ntchito ovomerezeka. Iye anaseka, n'kunena kuti, "Achemwali, inu amene munafika kale ndi mmene mumachitira, simufuna kuti wina wa kwanu adzaone kumene mukudyera." Kutacha, amayi anandiimbira ndi mawu ozizira, n'kundifunsa kuti, "Mwanangu, bwanji ukumutsekera njira mnzako?" Munthu amene akufuna kulanda banja lathu mapaundi 4,000 ndi amene wasanduka mbale, ndipo ine amene ndinafunsa nambala ndasanduka wansanje.

Inu amene muli kunja kuno mukudziwa mmene thupi limamvekera munthu ukatha maola khumi ndi awiri ukunyamula, kusambitsa ndi kudyetsa anthu, choncho simungadabwe ndikanena kuti usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinatsegula foni n'kuchita zimene ndinalephera kuchita pa ulendo wanga womwe, zimene sizifuna ndalama ndipo sizitenga ngakhale ola limodzi.

Chimene chinakopa mng'ono wanga ndi pepala lokongola lolembedwa Certificate of Incorporation, lokhala ndi chidindo cha ufumu pamwamba. Pepalalo si labodza, ndipo pamenepo ndi pamene pali msampha. Kulembetsa kampani m'dziko lino n'kosavuta: mpaka mu 2024 munthu ankalipira mapaundi 12 okha pa intaneti, ndipo kawirikawiri pofika mawa lake kampaniyo inkakhala italembedwa. Pepalalo limangotsimikiza kuti dzina linalowa m'kaundula. Silinena kuti kampaniyo ili ndi nyumba yosamaliramo okalamba, kapena wantchito ngakhale mmodzi, kapena chilolezo choitanitsa munthu kuchokera kunja. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zimaoneka munthu akatsegula kaundula weniweni wa Companies House, amene aliyense angathe kumuwerenga kwaulere ali kulikonse pa dziko lapansi.

Bambo uja anakana kundiuza nambala, osadziwa kuti inali pa pepala lomwe ankanyadiralo. Nditailemba pa tsamba la Companies House, chinthu choyamba chimene ndinaona pansi pa Company status chinali mawu akuti Active proposal to Strike off, kutanthauza kuti kampaniyo ili m'njira yofufutidwa m'kaundula, mwina chifukwa eni ake anapempha okha, mwina chifukwa anasiya kupereka zikalata zimene lamulo limafuna. Pansi pa Nature of business panali nambala 47910, imene ndi ya malonda a pa intaneti ndi otumiza katundu pa positi. Kampani yosamalira okalamba m'nyumba zawo kawirikawiri imalemba 88100, ndipo yopezera anthu ntchito imalemba 78109. Pansi pa People panali mkulu mmodzi yekha, ndipo nditakanikiza dzina lake panatuluka makampani ena anayi amene anawatsegula n'kuwatseka m'zaka zochepa.

Koma chimene chinandiimitsa mtima chinali pansi pa Filing history. Zaka ziwiri zotsatizana kampaniyo inapereka chikalata chotchedwa Accounts for a dormant company. Ndi chikalata chimenechi eni kampani amauza boma kuti kampani yawo inali m'tulo chaka chonse, sinagule, sinagulitse, ndipo sinalipire munthu malipiro. Tsono taganizani, kampani imene yauza boma lake kuti sinatulutse ndalama iliyonse ndi yomweyo imene ikuuza mng'ono wanga kuti ili ndi antchito oposa zana ndipo ikufuna ena mwamsanga. Mmodzi mwa awiriwa akunamizidwa, ndipo sindikukhulupirira kuti ndi boma. Ndikanena zimenezi akuti ndi nsanje.

Ndiyenera kunena mosakondera kuti si chizindikiro chilichonse chimene chimatsutsa kampani pachokha. Kampani yatsopano imapatsidwa miyezi 21 isanapereke malipoti ake oyamba a zachuma, choncho kusowa kwa malipoti pa kampani ya chaka chimodzi si umboni wa chinyengo, ngakhale kuti n'chifukwa chokwanira chofunsira kuti kampani yakhanda yotere yapeza bwanji ntchito za anthu ambiri. Adiresi nayonso imafuna kudekha, chifukwa makampani ang'onoang'ono ambiri achilungamo amalembetsa adiresi ya wowawerengera ndalama. Chimene munthu ayenera kuona ndi pamene zizindikiro zitatu kapena zinayi zikuloza kumodzi, monga mmene zinalili pa iyi.

Kaundula wachiwiri ndi wofunika kuposa woyamba, ndipo ndi amene maejenti achinyengo safuna kuti mumutchule. Palibe amene angakuitanitseni kudzagwira ntchito yotere popanda laisensi yochokera ku Home Office, unduna wa boma woona za anthu olowa m'dziko lino, ndipo onse amene ali nayo amalembedwa pa tsamba la gov.uk lotchedwa Register of licensed sponsors: workers. Ndi mndandanda wautali umene umakonzedwanso pafupipafupi, ndipo umaonetsa dzina la kampani, tauni imene ili, mlingo wa laisensi monga Worker (A rating), ndi mtundu wa viza monga Skilled Worker. Ndinafufuza dzina la kampani ija ndipo silinapezeke. Panali lina lofanana nalo, losiyana liwu limodzi lokha, la m'tauni ina yakutali, ndipo ndilo limene bamboyo anajambula n'kutumizira mng'ono wanga kuti aone kuti zonse zili bwino. Liwu limodzi lokha likasiyana, ndi kampani ina, ya eni ena, amene mwina sakudziwa n'komwe kuti dzina lawo likudyetsa anthu ena.

N'chifukwa chake ngakhale dzina litafanana chilembo ndi chilembo, ntchito sinathe. Akuba amabwereka dzina la kampani yeniyeni pamodzi ndi chizindikiro chake. Mankhwala ake ndi kuimbira kampaniyo pa nambala imene mwaipeza nokha, osati imene ili pa kalata imene mwatumiziridwa. Ku Mangalande aliyense wosamalira okalamba ndi odwala mwa njira imeneyi amalembetsa ku Care Quality Commission, ndipo tsamba la bungweli limaonetsa adiresi, nambala ya foni ndi zimene oyendera anapeza. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, olemba ntchito yosamalira anthu ku Mangalande sangaitanitse munthu ngati sanalembetse kumeneko. Mukaimba, funsani funso limodzi, ngati munthu wakutiwakuti amawagwirira ntchito ndiponso ngati kalata ili m'manja mwanuyo inachokeradi kwa iwo.

Nanga ndalama zija akuti n'zachiyani? Akuti n'zogulira Certificate of Sponsorship, ngati kuti ndi katundu wa pa msika. Chimenechi si pepala limene munthu amagula, koma ndi nambala imene olemba ntchito amatulutsa m'makina a Home Office, ndipo mtengo wake kuyambira mu Epulo 2025 ndi mapaundi 525, amene olemba ntchitowo ayenera kulipira okha popanda kumulipiritsa wantchito. Lamulo la m'dziko lino la 1973 lokhudza maejenti a ntchito limaletsa kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito yotere. Ndalama za viza zimalipiridwa pa gov.uk, osati mu akaunti ya kubanki yokhala ndi dzina la munthu. Koma mng'ono wanga anapatsidwa akaunti ya dzina la mayi wina amene sapezeka paliponse m'zikalata za kampaniyo, anafunsidwa mafunso a ntchito pa WhatsApp kwa mphindi zosakwana khumi, makalata onse anachokera ku imelo ya Gmail, ndipo anauzidwa kuti malo atsala awiri, alipire lisanafike Lachisanu ndipo asauze anthu ambiri. Anthu ambiriwo ndi ine, chifukwa wachinyengo amadziwa kuti mbale amene ali kuno adzafunsa nambala, choncho amayamba wamuipitsa mbiri kuti mawu ake asamveke.

Ndipo pali mfundo imodzi imene ikanatha nkhani yonse pachiyambi pomwe. Kuyambira pa 22 Julaye 2025, boma la kuno linatseka njira ya viza ya osamalira okalamba kwa anthu amene akufunsira ali kunja kwa dziko lino. Anamwino ndi nkhani ina, koma ntchito imene mng'ono wanga walonjezedwa ilibenso khomo lolowera, kaya kampaniyo ndi yoona kaya ndi yabodza. Amene akugulitsa malo amenewo lero akugulitsa chinthu chimene kulibe.

Sindikulankhula zongomva. Ine ndinalipira ejenti, ndinafika, ndipo kampani imene inandiitanitsa inalidi pa mndandanda, koma maola a ntchito amene analembedwa pa mgwirizano sanapezeke. Laisensi yake italandidwa, ndinalandira kalata yondipatsa masiku 60 oti ndipeze olemba ntchito ena kapena ndichoke m'dziko muno. Ndikanatsegula Filing history ndisanalipire, ndikanaona kuti inali kampani ya miyezi yochepa, yopanda malipoti alionse, imene inkaitanitsa anthu ochuluka kuposa okalamba amene inkawasamalira. Masiku 60 amenewo sindinawafotokozere amayi, chifukwa sindinafune kuti asowe tulo, ndipo ndaona tsopano kuti kukhala chete kwanga ndi kumene kwapatsa bambo uja mpata wonditcha wansanje, popeza kwathu amangodziwa kuti ndinapita ndipo ndimatumiza ndalama.

Mng'ono wanga, ndikudziwa kuti mwina uwerenga zimenezi, ndipo ndikudziwa kuti ngongole ya theka la ndalamazo watenga kale. Palibe chimene ndimalakalaka kuposa kumva mawu ako m'chipinda chino ndikaweruka, ndi kukhala ndi munthu wa magazi anga amene angandifunse ngati ndadzuka bwino. Ndakutumizira zithunzi zinayi za zimene ndinapeza, koma usakhulupirire ine, lemba wekha nambalayo pa Companies House, uwerengere amayi mzere uliwonse mokweza, kenaka umufunse bamboyo chifukwa chimene kampani yake inauzira boma kuti ili m'tulo. Ndalama zimene wabwerekazo ukazibweze kwa mwini wake zisanayambe kubereka chiwongoladzanja. Lamlungu ndiimba, ndipo amayi akhale pafupi, chifukwa ndikufuna kuwafotokozera za masiku 60 aja kuyambira tsiku loyamba.