Chenjezo kwa ofuna ntchito: intavyu si bwalo la milandu

Ana inu, kodi pakamwa panupa mudzayamba liti kupagwira?

Mayi ena amene ntchito yawo ndi kusakira makampani antchito andionetsa mawu omwe alemba kuti akalankhule pa kanema wamfupi wolangiza ofuna ntchito. Kanema yenseyo akukamba cholakwa chimodzi chokha: kunyoza kumene munkagwira kale. Chawaputa n'chakuti sabata yathayi kunabwera mnyamata wofunsira ntchito yosunga katundu. Mapepala ake abwinobwino, kaundula wa katundu akumudziwa, mafunso oyamba wayankha mogwira mtima. Atangomufunsa chimene anachokera kuntchito yake yakale, anamasula thumba lonse. Malipiro ankachedwa, manijala ndi wakuba, manijalayo analemba ntchito mlamu wake, anzake ankamuchitira kaduka. Mpaka anatchula dzina la kasitomala amene ankatenga katundu popanda risiti. Anatuluka akumwetulira poganiza kuti wawagometsa ndi chilungamo chake. Ntchito anapatsa wina.

Ndiye mpaka munthu wamkulu akhale pansi kulemba kanema kuti akuuzeni zimenezi? Amene akhala kutsogolo kwanu aja ndi oweruza milandu? Anakuitanani kuti akupepeseni? Manijala mukumudya miseche uja alipo kuti ayankhepo mbali yake? Iwo sangathe kudziwa ngati mukunena zoona, ndipo alibe nazo ntchito. Chimene akumva m'makutu mwawo n'chakuti tsiku lomwe mudzachoke kwa iwo, mayina awo mudzawatafuna chimodzimodzi. Za kasitomala uja ndiye zinamumaliziratu mnyamatayo. Ntchito yosunga katundu ndi ya makiyi, ya mitengo yogulira, ya mayina a ogula. Munthu amene waulula zamkati mwa kampani kwa alendo oti wangowaona kumene, ndani angamupatse makiyi?

Ndipo musamayese kuti funsoli limabwera ndi nkhope imodzi. Pena amati, "Munachokeranji?" Pena, "Tiuzeni za nthawi imene munasemphana maganizo ndi mkulu wanu." Pena, "Titawaimbira foni abwana anu akale, angatiuze chiyani za inu?" Ena amafunsa mokoma ndithu, "N'chiyani chimene sichinkakusangalatsani kumeneko?" kenako n'kumagwedeza mutu ngati akukumverani chisoni. Mukamaliza amangokhala duu. Inu chete uja n'kukusowetsani mtendere, n'kuyamba kuwonjezera zimene sanakufunseni. Kumeneko n'kumene ambiri mumagwera. Kugwedeza mutu kuja si kugwirizana nanu ayi. Dzanja likulemba. M'ma intavyu ambiri aliyense wa ofunsa amakhala ndi pepala lake lopatsira malikisi, ndipo kupatula luso la ntchito amaonanso ngati mungagwire ndi anthu komanso ngati mungasunge chinsinsi. Mukatuluka amafananitsa zimene alemba. Mmodzi yekha akati "ameneyu ndi wapakamwa", dipuloma yanu siyankhanso kanthu.

Njira imene mayiwa aika m'kanema wawo ndi yosavuta moti ndikuchita manyazi kuibwereza. Nenani chifukwa chenicheni m'chiganizo chimodzi, popanda dzina la munthu ndiponso popanda mawu onyoza. Kenako tchulani chinthu chooneka chimene munachita kapena kuphunzira kumeneko. Mukatero tembenukirani ku ntchito imene mwabwerera. Zonsezi zisapitirire masekondi 30 kapena 40, ndipo mukamaliza mutseke pakamwa, ngakhale iwo akhale chete.

Titenge za mnyamata yemweyo. Malipiro ankachedwadi, palibe akumuuza kuti aname. Akanangoti: "Kampani inali pa mavuto a zachuma ndipo malipiro sankabwera pa nthawi yake, choncho ndinapereka notisi n'kuchoka mwadongosolo. Pa zaka ziwiri zimene ndinali kumeneko ndinkayang'anira kaundula wa katundu wolowa ndi wotuluka, ndipo ndine ndinayambitsa zowerenga katundu sabata iliyonse m'malo modikira kutha kwa mwezi. Ndaona kuti kuno muli ndi nyumba zosungira katundu zingapo, ndipo ndikufuna kugwira pa malo aakulu chonchi." Basi. Choonadi chanenedwa, palibe watukwanidwa, ndipo funso lotsatira likhala la kuwerenga katundu kuja, komwe iye ndi katswiri. Mlamu wa manijala akusoweka pati m'yankho limeneli?

Akakukakamizani kuti munene za kusemphana ndi bwana, sankhani kusemphana kwa pa ntchito, osati kwa khalidwe la munthu. Bwana ankafuna katundu azituluka pongoimbirana foni, inu munkafuna pepala losainidwa, munakambirana kumbali, munagwirizana zakuti. Nkhani yotere imaonetsa kuti mumatha kutsutsa popanda kuyatsa moto. Koma inu mumathamangira zoti abwana anali ndi chibwenzi muofesi. Zikukhudzana bwanji ndi katundu?

Pali pamodzi pamene ine ndi mayiwa sitinamvane. Iwo akuti munthu akasowa chonena angoti ankafuna kukula pa ntchito. Ine ndikuti mawu amenewo atha ntchito, aliyense amawaloweza, ndipo wofunsa wochenjera amangoti, "Kukula motani?" n'kukusiyani kakasi. Ngati mukufuna kuwanena, akhale ndi mnofu: munkayang'anira nyumba imodzi, mukufuna kuphunzira kuyendetsa zingapo. Popanda zimenezo amaona kuti pali chomwe mukubisa.

Nanga inu amene anakuchotsani ntchito, mumati mukanamizira bwana kapena kunama kuti munasiya nokha zithera pomwepo? Mwaiwala kuti pa kalata yanu munalembapo anthu oti akuchitireni umboni? Ndipo anthu a ntchito imodzi amadziwana, amakumana m'misonkhano, amaimbirana. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Vomerani mwachidule kuti kontirakiti yanu anaithetsa chifukwa chakuti, cholakwa chanu pa nkhaniyo chinali chakuti, ndipo lero mumachita mwakuti kuti zisabwerezeke. Sindikulonjeza kuti aliyense akulembani. Koma bodza likatulukira mutalembedwa kale, ndi lomwe lidzakuchotseninso kachiwiri, ndipo pa intavyu yotsatira mudzakhala ndi ziwiri zofotokoza.

Wina anena kuti, "Nanga ngati anandizunzadi, ndikhale chete?" Ayi mwanawe. Nkhanza, kukubera malipiro, kukugwiragwira, zimenezo zili ndi kokadandaula kwake, kuofesi yoona za apantchito kapena kukhoti, komwe kuli anthu oti amve mbali zonse ndi kugamula. Pa intavyu n'zokwanira kunena kuti panali nkhani imene munaipereka kwa oyenera ndipo munaona kuti n'kwabwino kuchoka. Akafuna zambiri afunsa okha, ndipo muyankhe zokhazo zimene afunsa.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti ena mumadzigwira bwino m'chipinda, koma musanalowe mwakhuthula kale zonse pa benchi podikirira. Mukuuza mnzanu wopikisana naye, wolandira alendo akumva. Kapena intavyu yatha, wina akukuperekezani kukhomo n'kufunsa mocheza kuti, "Koma kuja kunali bwanji kwenikweni?" inu n'kuyambapo. Mumaganiza kuti wokuperekezaniyo makutu anawasiya pa tebulo? Enanso usiku womwewo mwalemba pa intaneti kutukwana kampani yakale, dzina lanu ndi chithunzi zili pompo, mawa n'kumadabwa kuti foni siikulira.

Funsoli mumadziwa kuti libwera. Suti mwasita, nsapato mwapolisha, koma ziganizo zitatu zokha osazikonzekera? Mukalepheranso musadzatiuze kuti ntchito anapatsa abale awo. Gwirani pakamwa.