Mwana walemba "Malawi" mu 1915: timudule malikisi angati?

Sabata yathayi ine ndi mphunzitsi mnzanga tinagawana mapepala a mayeso oyeserera a Fomu 4, phunziro la mbiri yakale. Funso limodzi linali lakuti ophunzira afotokoze zifukwa zimene zinachititsa John Chilembwe kuukira atsamunda mu 1915, pa malikisi 20. Titatha kuchonga tinasinthana mapepala angapo monga timachitira nthawi zonse. Pepala lina limene mnzangayo analipatsa 6, ine ndinalipatsa 14. Mpata wotere si wochita kuusiya, ndiye tinakhala pansi mpaka anzathu onse anaweruka. Ndati ndilembe maganizo anga pano chifukwa ndikudziwa kuti aphunzitsi ambiri muno mu Blantyre muli ndi milu ya mapepala ngati yomweyi.

Pepalalo linali la mtsikana wa zolemba zing'onozing'ono zopendekera kumanja. Bolopeni yofiira inali itazungulira mawu akuti "Malawi" kasanu ndi kawiri, "makwacha" kamodzi, ndipo ndime yachinayi inali itakhwatchidwa yonse. Mnzanga anati, "Aphunzitsi, mwana uyu sakudziwa kuti akulemba za nthawi iti. Ndimupatsa bwanji malikisi?" Ndipo sananame pa zolakwikazo. Mu 1915 dziko lino linkatchedwa Nyasaland, dzina limene linayamba mu 1907, ndipo dzina la Malawi linakhala la dziko pa 6 Julayi 1964. Kwacha inabwera mu 1971. Anthu a nthawi ya Chilembwe ankakhoma msonkho ndi mashiling'i. Kuika chinthu m'nthawi yosakhala yake ndi cholakwa chenicheni m'phunziro lathuli, ndipo ine sindili m'gulu la onena kuti tizingotsinzina. Pamene ndinasiyana naye ndi pakuti zolakwa zitatuzo iye anaziyeza ndi mbale imodzi, pamene kulemera kwake n'kosiyana kwambiri.

Chimene ndimachita n'chosavuta. Ndimaphimba ndi chala mawu osokoneza nthawiwo, n'kuikapo oyenera, kenako n'kuwerenganso chiganizocho. Ngati mfundo yaimabe, vuto linali la dzina chabe. Ngati yagwa, ndiye kuti mwanayo anamanga nyumba pa chinthu chimene kunalibe.

Tiyeni tione ndime yake yoyamba. Mayankho amalembedwa m'Chingerezi, koma ndiinena m'chathu chino. Analemba kuti anthu a m'Malawi okhala m'minda ya azungu ankagwira thangata m'malo mwa lendi, kuti ku Magomero, m'minda ya A. L. Bruce, woyang'anira mindayo William Jervis Livingstone ankatalikitsa nthawi ya thangatayo, kumenya antchito ndi kutentha matchalitchi a Chilembwe amene anamangidwa m'mundamo, ndipo kuti ambiri mwa ozunzikawo anali Alomwe ochokera ku Mozambique amene analibe malo ena othawirako, n'chifukwa chake anamvera Chilembwe mosavuta. Phimbani "Malawi", ikanipo "Nyasaland". Chagwa n'chiyani? Palibe. Mwanayu watchula chifukwa, wapereka umboni wa malo ndi munthu, wasonyezanso njira imene nkhanza zinasandukira kuukira. Pa sukulu pathu timagawa mfundo iliyonse malikisi anayi: imodzi ya kutchula chifukwa, imodzi ya umboni, awiri a kufotokoza mmene chifukwacho chinabalira zimene zinachitika. Ndime imeneyi inatenga onse anayi. Dzina la Malawi ndinalidula malikisi imodzi pa pepala lonse, kamodzi kokha, n'kulemba pambali dzina loyenera ndi chaka chake. Cholakwa chimodzi chobwerezedwa kasanu ndi kawiri ndi cholakwa chimodzi basi. Kuchidula paliponse kuli ngati kulipiritsa munthu mbuzi zisanu ndi ziwiri pa mlandu umodzi.

Za makwacha n'zolemererako pang'ono. Analemba kuti msonkho wa nyumba unali makwacha ambiri ndipo unkakakamiza amuna kukagwira ntchito kwa azungu. Mutu wa mfundoyo ndi woona, ndipo anafotokoza bwino kuti wogwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi ankalipira theka la msonkho, choncho msonkhowo unali chikwapu chothamangitsira anthu ku minda. Koma ndalamayo inali umboni wake, ndipo umboniwo ndi wa nthawi ina. Apa ndinachotsa malikisi ya umboni, atatu enawo n'kumusiyira.

Ndime yachinayi ndi imene mnzanga ndi ine tinagwirizana popanda kukangana. Mwanayu analemba kuti Chilembwe anaukira chifukwa ankadana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Chitaganya chinayamba mu 1953, Chilembwe atamwalira zaka 38 zapitazo, pakuti anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915. Apa chala changa chilibe mawu oti chiikepo. Mukachotsa Chitaganya, ndime yonse yatha, chifukwa chinthu chimene chinadza pambuyo sichingakhale chifukwa cha zimene zinachitika kale. Ndime imeneyi inapeza ziro, ngakhale inalembedwa m'Chingerezi chosalala kuposa zinzake zonse. Ndipo ndikudziwa kumene kusokonezaku kumachokera. Ana athu amamuona Chilembwe pa ndalama, amapuma pa 15 Januwale, amamva dzina lake likutchulidwa pamodzi ndi la Kamuzu ndi ofera dziko a pa 3 Malichi 1959, ndiye m'mutu mwawo onsewa amakhala anthu a nkhondo imodzi, chaka chimodzi. Nyasaland African Congress ya 1944, Malawi Congress Party ya 1959, ngakhale riferendamu ya 1993, zonse ndazionapo zitakokeredwa ku Mbombwe, kumene kunali mishoni ya Chilembwe.

Koma ziro ameneyu ndi wa ndime yachinayi yokha. Sayenera kudontha n'kunyowetsa ndime zinazo. Apa ndi pamene ife ochonga timalakwa kawirikawiri: tikaona cholakwa chachikulu chotere mtima umawawa, ndipo zonse zotsatira timaziwerenga ndi diso lokwiya. Ndime yachitatu ya mtsikanayu inali ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuti pambuyo pa nkhondo ya ku Karonga mu Seputembala 1914 Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akufera nkhondo yosakhala yawo. Yachisanu inali ya mmishonale Joseph Booth ndi ulendo wa Chilembwe wa ku America mu 1897, mmene zimene anaona kumeneko zinamutsegulira maso asanabwerere kudzayambitsa Providence Industrial Mission mu 1900. Zonse ziwiri zinali zokwana, zinatenga anayi anayi. Kuwerengera pamodzi: 4, 3, 4, 0, 4, kuchotsapo imodzi ya dzina la dziko, yatsala 14.

Pali mtundu wina wosokoneza nthawi umene ulibe dzina kapena chaka choti muchizungulire, ndipo umenewu ndiwo umandivuta kwambiri. Ndi pamene mwana waika maganizo a lero m'mutu mwa munthu wakale. Wina analemba kuti Chilembwe ankafuna ulamuliro wa zipani zambiri ndi zisankho za zaka zisanu zilizonse. Palibe tsiku lolakwika m'chiganizochi, koma cholinga chimenechi ndi cha m'ma 1990, ndipo palibe umboni umene mwanayo akanapereka. Ndinachidula ngati cha Chitaganya chija. Komabe tisamale. Mwana akalemba kuti thangata linkaphwanya ufulu wa anthu, iyeyo akugwiritsa ntchito mawu a lero kuweruza zakale, ndipo olemba mbiri onse amachita zimenezo. Palibe amene amalemba m'chilankhulo cha 1915. Zimenezi sindidula. Ndimadula akanena kuti Chilembwe ankatsatira chikalata cha ufulu wa anthu cha bungwe la United Nations, chimene chinabwera mu 1948. Funso limene ndimadzifunsa ndi ili: mawuwa akuwalankhula ndi mwanayo, kapena wawaika m'kamwa mwa Chilembwe?

Bolopeni yofiira nayonso imasokoneza nthawi. Pa pepala lina mnzanga anakhwatcha mawu akuti njanji, poganiza kuti mu 1915 kunalibe sitima yapamtunda. Inaliko. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908. Ifenso tili ndi chithunzi chathu cha "kale" chimene chimakhala chakale mopitirira. Ndisanakhwatche chinthu kuti kunalibe, ndimayenera kukhala ndi chaka chake m'mutu. Ngati ndilibe, ndimaika kadontho ka pensulo pambali n'kukafufuza kaye.

Chinandiwawa kwambiri tsiku limenelo ndi pepala lachiwiri, la mnyamata amene mnzanga anamupatsa 15. Linali loyera, lopanda chozungulira ngakhale chimodzi. Nyasaland analemba bwino, likulu anati Zomba, 23 Januwale 1915 inalipo. Koma ndime iliyonse inali mizere iwiri: thangata, ku Magomero, msonkho, wa mashiling'i, nkhondo, ku Karonga. Palibe pamene ananena kuti zimenezi zinapangitsa bwanji anthu kunyamula mikondo usiku umenewo. Pa kagawidwe kathu kaja ndi malikisi awiri pa mfundo iliyonse mwa zisanu zimene analemba, pamodzi 10. Mnyamatayu sanalakwe chifukwa sanayese kufotokoza chilichonse. Tikamupatsa 15, mtsikana uja 6, kalasi yonse imaphunzira kuti njira yopulumukira ndi kulemba zochepa ndi kuloweza masiku. Teremu yotsatira mapepala onse adzakhala oyera ngati la mnyamatayu, ndipo tidzadandaula kuti ana a masiku ano saganiza.

Mnzanga anavomera 13, osati 14. Iye akuti dzina la dziko n'loyenera malikisi awiri chifukwa mwana wa Fomu 4 sayenera kuphonya 1964. Pamenepo sindinalimbane naye, bola tadula kamodzi ndipo tonse tikudula mofanana pa mulu wonse.

Lolemba ndinabweza mapepala. Ndinajambula mzere wautali pa bolodi, kuyambira 1891 pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mpaka 1994, n'kuuza aliyense kuti abwere ndi choko adzaike chinthu chimodzi chimene anatchula m'yankho lake pa chaka chake. Mtsikana uja anaika Chilembwe pa 1915, n'kuyenda masitepe anayi kumanja kukaika Chitaganya. Anaima n'kuyang'ana mpata umene unali pakatipo, kenako anati, "Aphunzitsi, ndiye kuti mfundo yachinayi ija ndikufunika ina." Ndinamuuza kuti akawerenge za njala ya 1912 ndi 1913, andibweretsere ndime yatsopano Lachisanu.